Khasu Lisanagwe Pansi: Kupempha Malo kwa Amfumu pa Maliro ndi pa Ukwati

M'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati, munthu akatsirizika usiku, amayi a m'nyumbamo amayamba adzigwira kaye. Misozi imatsika ndithu, koma kulira kokweza kuja kodzutsa mudzi sikuyamba mpaka wina wa pabanjapo atakagogoda kwa amfumu. Kubuma maliro mfumu isanamve ndi mlandu, ndipo pali mabanja amene analipapo nkhuku kapena mbuzi chifukwa cha changu chotere. Wokulira m'tauni amadabwa nazo, amvekere munthu angapemphe bwanji chilolezo cholirira mayi ake. Komatu chimene chimapemphedwa usiku umenewo si misozi ayi. Banja limakapempha manda, bwalo, nkhuni, njira ndi manja a anthu, ndipo zonsezi si za banja limodzi.

Amene amapita si aliyense. Mkazi wamasiye sapita, ana a malemu sapitanso, ngakhale atakhala ophunzira kapena andalama chotani. Pakati pa Achewa, Amang'anja, Alomwe ndi Ayao, kumene mtundu umatsata kuchikazi, ntchitoyi ndi ya mwini mbumba, kawirikawiri atsibweni a malemu kapena mchimwene wawo wamkulu. Kwa Angoni a ku Mzimba ndi Atumbuka nkhani imadzera kuchimuna, kwa abambo a malemu kapena abale awo. Mwini mbumbayo sayenda yekha. Amatenga mnzake mmodzi woti adzachitire umboni, ndipo m'midzi yambiri amayamba wadzera kwa nduna ya amfumu, imene imawaperekeza. Ndunayo ndi imene imadziwa ngati amfumu ali pakhomo, ngati banjalo lili ndi mlandu wotsala, komanso ngati chimene anyamula m'manja chikukwanira.

Akafika amakhala pansi, kapena kunjuta, n'kuwomba m'manja. Sayamba ndi pempho. Mawu ake amakhala ngati awa: "Pepani gogo, takudzutsani usiku. Kunyumba kwanu kuja kwagwa zovuta. Mwana wanu amadwala uja watisiya." Akatero amapereka nkhuku kapena kandalama kudzera mwa nduna. Malemu angakhale nkhalamba yoposa amfumuwo zaka, komabe amatchedwa mwana wawo, ndipo kuyambira pamenepo maliro achoka m'manja mwa banja, ndi a mudzi.

Mfumu yodziwa ntchito yake simangoti chabwino. Imafunsa, ndipo funso lililonse lili ndi chifukwa chake. Imafuna kudziwa kumene munthuyo wafera ndi chimene chamutenga. Ngati wadwala nthawi yaitali anthu akumuona, nkhani ndi yaifupi. Ngati wapezeka atafa kumunda, wamira, wadzimangirira kapena wafa atamenyedwa pamowa, mfumu imaletsa aliyense kukhudza thupi mpaka apolisi ndi achipatala atafika, chifukwa mfumu imene yalola kuika maliro otere mwakachetechete imadzayankha yokha tsiku lofukula. Ngati wafa ndi matenda otsekula m'mimba mwadzidzidzi, amaitana alangizi a zaumoyo. Pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023, achipatala ndiwo ankakonza matupi a omwalira ndi nthendayo, ndipo m'madera ambiri mafumu analetsa kuphika pamaliro. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, boma linaika malire a chiwerengero cha anthu osonkhana, ndipo amene ankayang'anizana ndi anamfedwa kuwauza zimenezi kumudzi anali mafumu omwewa.

Kenako imafunsa funso limene limaswa mabanja: aikidwa kuti? Mkamwini akafera kumudzi kwa mkazi wake, abale ake akhoza kufuna thupi libwerere kwawo. Mtengwa akafera kwa mwamuna, a kwawo akhoza kunena kuti tinakubwerekani wamoyo, tibwezereni. Mfumu yanzeru silola khasu kugwa pansi mbali zonse ziwiri zisanagwirizane pamaso pa ankhoswe, pakuti dzenje likakumbidwa n'kutsala lopanda munthu, ndi nkhani imene akuluakulu amaiopa kwambiri. Imafunsanso ngati malemu anali wa mpingo, Msilamu kapena wa gule. Msilamu amaikidwa mwachangu, nthawi zambiri tsiku lomwelo, choncho uthenga uyenera kuthamanga. Wa gule wamkulu maliro ake amafuna zilombo, ndipo kuzitulutsa ndi udindo wa mfumu yokhala ndi mzinda, osati nyakwawa iliyonse.

Mafunso akatha, mfumu imatuma anyamata. Ena amapita kwa mafumu oyandikana nawo ndi kwa a gulupu, ena amakaika masamba pamsewu kuti apanjinga atsike ndi agalimoto achepetse liwiro, ena amakadzutsa mkulu wa adzukulu. M'mawa mwake palibe wopita kumunda. Amayi amasonkha ufa khomo ndi khomo, anyamata amakadula nkhuni pamalo pamene masiku ena onse munthu atadulapo mtengo akanalipitsidwa. Apa ndi pamene pali mphamvu yeniyeni ya chilolezocho. Munthu wandalama akhoza kugula bokosi, matenti ndi matumba a mpunga, koma mawu a amfumu okha ndi amene amaimitsa ntchito za mudzi wonse n'kutembenuzira anthu pakhomo limodzi.

Malo ndi a yani?

Anthu timakonda kunena kuti mfumu ndi mwini dziko, ndipo mafumu ena amazimva ngati mmene zikumvekeramo. Malamulo sanena choncho. Lamulo la mafumu la 1967 limawapatsa udindo wosunga bata ndi kutsogolera anthu motsata mwambo. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anabweretsa makomiti oyang'anira malo a kumudzi, wapampando wake n'kukhala gulupu, pamodzi ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu mwa iwo amayi. Mfundo yake ndi yoti malo amene sanagawidwe kwa banja lililonse, monga manda, bwalo, dambo ndi nkhalango ya mudzi, ndi a anthu onse, mfumu imangowasunga m'malo mwawo.

Sikuti pamaliro pamaitanidwa komiti ya malo ayi. Palibe amene angadikire msonkhano thupi lili m'nyumba, ndipo mwambo unapereka kale nkhani za manda m'manja mwa nyakwawa ndi nduna zake. Koma mfundo ija ili ndi ntchito pawiri. Imauza banja kuti silingangolowa kumanda ndi makasu chifukwa agogo awo anagona komweko. Imauzanso mfumu kuti singagulitse dzenje ngati mmene munthu agulitsira munda wake. Ndipo tisaiwale chimene ulamuliro umenewu watisungira: woyenda pamsewu wa Lilongwe kupita ku Dedza kapena ku Mchinji akaona kankhalango ka mitengo yachilengedwe kataima pakati pa minda yoyera, kawirikawiri amakhala manda. Mitengo imeneyo inatsala chifukwa palibe wolowamo ndi nkhwangwa popanda mawu a amfumu.

Thupi lochokera ku Joni

Tiyerekeze nkhani imene masiku ano yafala. Bambo wina wobadwira m'mudzi wa ku Dedza wakhala ku Johannesburg zaka zambiri, ndipo wamwalira komweko. Mkazi wake ndi wa ku Thyolo, ana anabadwira kunja. Uthenga wafika pafoni kwa mlongo wake kumudzi Lachiwiri madzulo.

Cholakwa choyamba chimene mabanja ambiri amachita ndi kulola kuti nkhani ifalikire pa WhatsApp amfumu asanamve. Mdzukulu wina waika kale chithunzi cha malemu, anthu ayamba kufika pakhomo, amfumu akumva kwa ana akusukulu. Atsibweni akamadzafika mawa lake amapeza nkhope yauma kale. Choyenera ndi kupita usiku womwewo, ngakhale tsiku lofika thupi silikudziwika. Ulendo woyambawu ndi wongodziwitsa: mwana wanu watisiya kunja, tikuyembekeza kumva kwa anzake a kumeneko.

Apa mfumu imakhala ndi chosankha chovuta. Kutolera ndalama, kukonza zikalata ndi kuyenda ndi thupi pamsewu kudzera pa Beitbridge, kudutsa Zimbabwe, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kufika pachipata cha Dedza kumatenga masiku ambiri, nthawi zina masabata. Mudzi sungaime nthawi yonseyo, makamaka ngati ndi nyengo yopalira. Banjanso silingadyetse khamu masiku onsewo, nkhokwe ingathe thupi lisanafike. Mafumu ambiri amalamula kuti achibale okha ndi oyandikana nawo ndiwo azigona pasiwa, ena onse azipita kuminda, ndipo maliro adzalengezedwa mokwanira galimoto ikadzayandikira. Chigamulo chotere sichingachokere kubanja. Banja litati liuze anthu kuti bwererani kwanu, angalitche louma mtima. Akanena amfumu, aliyense amamva.

Ulendo wachiwiri ndi wopempha manda, umene ena amati kupempha khasu. Atsibweni apite atamvana kale ndi ankhoswe a ku Thyolo kuti thupi ligona ku Dedza, kwa amayi ake a malemu, ndipo ngati n'kotheka mmodzi wa kuchikaziko akhalepo kapena alankhule pafoni amfumu akumva. Apa ndi pamene nkhani yobisika imatulukira. Nduna imakhosomola n'kunena kuti: "Gogo akumva. Koma adzukulu akuti munthuyu sakumudziwa. Chichokereni sanaponyepo chipepeso pamaliro a munthu, njerwa za sukulu sanaumbe nawo, ndipo abale ake pano kumanda safikako."

Mawu amenewa amapweteka, koma si nkhanza chabe. Adzukulu salipidwa. Amakumba dothi louma la mwezi wa Okutobala kuyambira mbandakucha chifukwa akudziwa kuti tsiku lawo likadzafika, ena adzawakumbira. Maliro n'kulirana. Midzi yambiri ili ndi kaundula amene mlembi amalembamo khomo lililonse limene lasonkha ufa, nkhuni kapena ndalama, ndiponso amene wajomba. Chilolezo cha manda ndi nthawi imene kaundulayo amatsekulidwa. Banja limene limapezeka pamavuto a anzawo limangomva kuti pitani mukakonzeke. Banja lodzipatula limauzidwa kuti likumbe lokha, kapena lipepese ndi mbuzi.

Mwini mbumba wochenjera satsutsa pamenepo. Sanena kuti malo ndi a boma, satchula za ufulu wachibadwidwe, saopseza kuti akaitana anyamata aganyu ochokera kutauni. Amawomba m'manja n'kuvomera: "Talakwa ndithu gogo, mwana ndi wanu, ife ndi anu. Tithandizeni tiike kaye m'bale wathuyu, mlandu suwola." Mwambi umenewu pamaliro umagwira ntchito kuposa pena paliponse, chifukwa aliyense pabwalopo akudziwa chimene chimawola. Nthawi zambiri amagwirizana kuti banja lipereke nkhuku kapena kandalama kopepesera adzukulu tsiku lomwelo, ndipo za mbuzi zidzakambidwe maliro akatha. Mfumu imene imaumirira kuti thupi lidikire mpaka mbuzi itaoneka imadziwononga yokha, chifukwa mafumu anzake obwera kudzakhuza amaona.

Chilolezo chikaperekedwa pamatsala zing'onozing'ono zimene zimachititsa manyazi zikaiwalika. Manda a mudzi ali ndi zigawo, banja lililonse lili ndi mbali yake, ndipo amene amaloza pokumba ndi mkulu wa adzukulu pamodzi ndi mwini mbumba, kuopa kugwera pamanda akale amene mtumbira wake unafafanizika. Adzukulu amayeza bokosi ndi bango kapena kamtengo, n'kukayezera dzenje. Koma bokosi lochokera ku Joni silinafike, ndipo mabokosi a kumeneko amakhala otambalala kuposa amene amakhoma akalipentala a pamsika. Wina aimbe foni kwa operekeza thupi kuti ayeze m'litali ndi m'lifupi, apo ayi anthu adzaima padzuwa nyimbo zitatha, adzukulu akukuza dzenje bokosi lili pambali. Ngati banja likufuna kuwaka dzenjelo ndi njerwa ndi simenti, linene pa ulendo womwewu, chifukwa ntchitoyo imafuna dzenje lokulirapo, mmisiri ndi nthawi, ndipo mmisiriyo ngati ndi wochokera kwina salowa kumanda popanda amfumu kudziwa.

Chifukwa chake n'chachikulu m'midzi ya gule. Kumanda n'kumene nthawi zambiri kumakhala dambwe, ndipo munthu wosameta salowako mwachisawawa. Mfumu ikalola maliro, imatumiza mawu kwa akuluakulu a dambwe kuti akonze malo, kuti tsiku loika maliro a mpingo ndi alendo alowe ndi kutuluka popanda kuona zosayenera kuona. Ana a malemu obadwira ku Joni, amene angafune kukajambula manda a agogo awo m'mawa mwake, auzidwe msanga kuti kumeneko sapita okha. Milandu yambiri ya pakati pa a mpingo ndi a gule imayambira pa munthu amene analowa kumanda osapempha.

Adzukulu aphikiridwe. Nsima yawo imapita kumanda komweko, ndiwo yake ikhale ya nkhuku kapena nyama, ndipo ipite nthawi yabwino. Zimaoneka zazing'ono, koma adzukulu anjala amatha kukhala pansi dzenje lili pakati, ndipo ngakhale amfumu amavutika kuwadzutsa.

Pamwambo weniweniwo ulamuliro wa mfumu umaonekera pa ndondomeko ya olankhula. Woimira banja amafotokoza za imfayo, chipepeso chimawerengedwa, mfumu kapena nduna yake imalankhula, kenako imapereka mwambo m'manja mwa a mpingo. Abusa odziwa khalidwe sayamba mapemphero asanapatsidwe mwambo, ndipo wandale wobwera ndi galimoto zake salankhula mfumu isanamulole. M'mawa mwake, akasesa, atsibweni amabwereranso kwa amfumu kukathokoza ndi kumva za mbuzi ija. Ulendo wachitatuwu ambiri amauzemba, makamaka achibale a kutauni amene amanyamuka usiku womwewo, ndipo amadzaukumbuka patapita chaka akafuna kumanga chiliza, pamene ayenera kupemphanso kulowa kumanda. Kwa munthu wofera pakhomo m'mudzi, ndi ulendo womwewu umene banja limapezerapo umboni wa amfumu wofunika polembetsa imfa ku ofesi ya kalembera ya NRB, ndipo popanda chikalata cha imfa nkhani za penshoni ndi ndalama za kubanki zimavuta.

Nkhuku isasanduke mtengo

Pano ndiyenera kunena mosapsatira. Nkhuku ija inali ulemu. Inali chizindikiro choti uthenga wafika mwa njira yake, ndipo wosauka akabwera chimanjamanja mfumu inkalandira mawu okha. Lero kuli mafumu ena amene anaika mitengo: yakutiyakuti yodziwitsira, ina ya khasu, ina yolankhulira pamaliro, ina yotsekulira manda. Ena amawonjezera mtengo akamva kuti malemu anali pantchito yabwino. Ena amagwiritsa maliro kubwezera banja limene linatsutsana nawo pa mlandu wa munda kapena pa ufumu. Apo ndiye kuti wosunga uja wasanduka wogulitsa, ndipo akugulitsa katundu amene si wake kwa anthu amene sangathe kukana.

Kusiyanitsa chindapusa choona ndi kulanda si kovuta. Chindapusa choona chimachokera pa lamulo limene mudzi unagwirizana pabwalo anthu onse akumva, chimagwera aliyense mofanana, chimatchulidwa poyera nduna zilipo, ndipo chimene chaperekedwa chimadyedwa ndi adzukulu kapena kulowa m'thumba la maliro la mudzi. Kulanda kumanenedwa monong'ona kuseri kwa nyumba, mtengo wake umasintha poona nsapato za wopempha, ndipo palibe amene amadziwa kumene ndalamayo yapita. Banja likakumana ndi zotere lisakangane thupi lili pakhomo. Lipemphe mfumu yoyandikana nayo kapena mkulu wa mpingo kuti akalankhule, ndipo maliro akatha likadandaule kwa a gulupu. Zikakanika pamenepo nkhani imakwera kwa mfumu yaikulu, a T/A, kenako kwa bwanamkubwa. Mafumu olembedwa m'kaundula wa boma amalandira mswahara, ndipo amene ali pamwamba pawo ali ndi mphamvu yowadzudzula.

M'tauni zinthu zimasakanikirana. Ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chinsapo munthu akamwalira anthu amathamangirabe kwa amfumu a m'deralo, amene amalengeza, kutolera zopereka, kulola kuti kamsewu katsekedwe ndi tenti, ndi kulemba kalata yoperekeza thupi kumudzi. Kalata imeneyi ndi yofunika, chifukwa mfumu yolandira thupi imafuna kudziwa kuti munthu wake anafa bwanji ndipo ankakhala bwanji ndi anzake. Koma manda ngati a ku Area 18 ku Lilongwe ali m'manja mwa khonsolo, ndipo kumeneko munthu amalipira ku ofesi n'kulandira lisiti. Mu 2015 unduna wa maboma aang'ono unanena kuti mafumu alibe mphamvu m'mizinda, potsata lamulo la 1967 lija. Phokoso limene linabuka linali lalikulu, ndipo funso limene anthu wamba ankafunsa linali limodzi: nanga pamaliro tizipita kwa yani?

Ukwati uli ndi nthawi, choncho ulibe chowiringula

Wopempha malo a maliro amakhululukidwa zambiri chifukwa imfa sipangana tsiku. Wa ukwati sakhululukidwa. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri amayenera kupita kwa amfumu a mudzi umene kudzachitikire phwando kukadali masabata angapo, tsiku lisanalengezedwe kutchalitchi ndiponso makadi asanasindikizidwe. Maukwati ambiri amachitika anthu akakolola, m'miyezi yopanda mvula, ndipo pafupifupi onse amafuna Loweruka. Bwalo lomwelo ndi lozengera milandu, la sikelo ya ana, la misonkhano ya chitukuko, penanso la chinamwali kapena gule. Amene amasunga masiku onsewa m'mutu ndi amfumu ndi nduna zawo. Wobwera mochedwa amapeza tsiku lake linaperekedwa kale kwa ena.

Ndi bwino kudziwanso malo amene amfumu sangapereke. Bwalo la mpira la pasukulu lili m'manja mwa aphunzitsi aakulu ndi komiti ya sukulu, ngakhale malowo anapereka ndi mudzi kalekale. Bwalo la tchalitchi ndi la akuluampingo. Kumeneko kumapemphedwa padera, koma amfumu amadziwitsidwabe, chifukwa alendo, phokoso ndi ndewu zidzakhala m'mudzi mwawo.

Mafunso a pa ukwati ndi ena. Loyamba masiku ano ndi la zaka. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti chilolezo cha makolo chisakhalenso njira yokwatitsira mwana. Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza anatchuka dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuimitsa paudindo mafumu aang'ono amene ankawalola. Chichitikireni zimenezo, nyakwawa yosamala imafuna kuona chiphaso cha mtsikana isanalole bwalo. Imafunsanso ngati chinkhoswe chinachitika, ndiponso ngati mnyamatayo, makamaka akakhala wobwera, sanasiye mkazi kwina. Ukwati wosokonezedwa ndi mkazi wamkulu atabereka mwana kumbuyo, perekaniperekani ali mkati, manyazi ake amagwera mwini bwalo.

Zotsalazo ndi zokambirana za mmene tsikulo lidzayendere. Zokuzira mawu ndi jenereta zidzazimitsidwa nthawi yanji? Mchezo wa usiku udzakhalapo? Midzi ina inauletsa m'malamulo ake chifukwa cha mimba za ana asukulu ndi ndewu, ina imaulola pokhapokha achitetezo a m'mudzi atakhalapo, ndipo achitetezowo amafuna chakudya ndi kangachepe. Mowa udzagulitsidwa pabwalo kapena kutali? Galimoto zidzaima pati kuti zisaponde mizere ya eni minda? Khamu lidzadzithandiza kuti, ndipo mawa lake adzasesa ndani? Banja limene lafika ndi mayankho a mafunso amenewa silichedwa pakhonde la amfumu. Patsikulo amfumu amakonzeredwa mpando, amatchulidwa poyamba, ndipo gawo lawo la thobwa ndi nyama limapita kunyumba kwawo ngakhale iwo atabwera kudzadya pabwalo.

Ndiye pali tsoka limene aliyense wokonza ukwati kumudzi amaliopa. Thobwa lapsa, ng'ombe yaphedwa, alendo ochokera kutali afika Lachisanu, ndipo usiku womwewo m'mudzimo mukugwa maliro. Chilolezo chimene munapatsidwa mwezi watha chimaima pomwepo, chifukwa maliro amaposa ukwati, ndipo anthu amene mumadalira kuti adzaphika ndi kuvina ndi omwewo akufunika pasiwa. Kuliza nyimbo anzanu akulira ndi chipongwe chimene mudzi suiwala.

Ankhoswe sapita okha kwa anamfedwa kukapempha kuti atilole. Amapita kwa amfumu, amfumu ndiwo amatuma nduna kusiwa, ndipo a ukwati amayamba apereka chipepeso chawo, kawirikawiri ufa, nkhuni ndi gawo la nyama ija. Chigamulo chimadalira kuyandikana kwa makomo ndi ubale. Ngati malemu ndi wachibale wa mkwati kapena mkwatibwi, phwando limaimitsidwa, ngakhale abusa atadalitsa ukwatiwo mwakachetechete kutchalitchi. Ngati ndi wa banja lina, ndipo palibe wachibale wakutali amene akudikiridwa, amfumu amatha kupempha adzukulu kulawirira kuti maliro aikidwe m'mawa, a ukwati n'kukhala nawo kumanda, madyerero n'kuyamba madzulo zokuzira mawu zitatsitsidwa. Ngati maliro agonera mpaka Lamulungu, njira yotsala ndi kusamutsira phwando kumudzi woyandikana nawo. Pamenepo ankhoswe sangangonyamula mipando ndi miphika. Amfumu awo amatuma nduna kwa mfumu inzawo, ankhoswe amatsatira ndi nkhuku ina, ndipo kupempha kumayambiranso poyamba.